Chiphaliwali cha pa Koyilo

Koyilo, yomwe ndi waya wokulungakulunga, imasunga mphamvu mu maginito ake magetsi akamayenda. Khalidwe lake nlakuti silola mayendedwe a magetsiwo kuima mwadzidzidzi. Mukazimitsa swichi, iyo imapitiriza kuwakankha, ndipo poti njira yatsekeka, volteji imakwera mpaka kudumpha mpata ngati chiphaliwali.

Tiyerekeze koyilo ya henire 0.1 yonyamula ampeya imodzi. Magetsiwo akadulidwa m'gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, pamatuluka mavoti 1,000, ngakhale batire ili ya mavoti 12 okha:

`V = L × ΔI/Δt`

Galimoto ya petulo imayatsira mapulagi m'njira yomweyi, koma kwina zimapsereza swichi. Mankhwala ake ndi dayodi yolumikizidwa chotembenuza pambali pa koyilo, kuti magetsiwo azizungulira mpaka atazilala.