Bwana, makontilakiti aja tisikanenso

Si chapafupi kuti kalaliki alembere bwana wake kuti ntchito yomwe idatha kale iyambidwenso. Mapepala adalowa m'sikana, mafayilo ali pakompyuta, ndipo ukatsegula limodzi tsamba likuoneka bwinobwino. Bwana afunsa kuti chavuta n'chiyani. Kalaliki akangoyankha kuti "sakuoneka bwino", nkhani yathera pomwepo. Kalata yotere imafuna tsamba limodzi loti bwana adzionere yekha.

Tiyerekeze ofesi yomwe idasikana makontilakiti a lendi, makina atatcheredwa pa 100 dpi. Kalatayo ingayambe chonchi:

"Wokondedwa Bwana, ndikupempha chilolezo chanu kuti tisikanenso makontilakiti a lendi. Ndaphatikizapo tsamba lachinayi la kontilakiti imodzi, lomwe ndalikuza pakompyuta ndi kulisindikiza. Pandime yonena za chindapusa cholipira mochedwa, sizikudziwika ngati palembedwa 3 kapena 8. Papepala lenileni pali 3. Tsiku la pachidindo nalo silikuwerengeka."

Sikana sijambula tsamba lonse ngati chinthu chimodzi. Imaligawa m'timadontho, ndipo nambala ya dpi imanena kuchuluka kwa timadonthoto pa inchi imodzi, yomwe ndi mamilimita 25.4. Mawu ang'onoang'ono a m'munsi mwa kontilakiti, aja amabisa ndime zowawa, nthawi zambiri amalembedwa ndi saizi 8. Mzere wa saizi imeneyi kutalika kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 9 a inchi. Pa 100 dpi umapeza timadontho pafupifupi 11, ndipo chilembo chaching'ono ngati "e" chimangotengapo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Timadontho tochepa chotere sitingasunge kampata kamene kamasiyanitsa 3 ndi 8. Pa 300 dpi mzere womwewo umapeza timadontho 33, kampatako n'kuonekera. N'chifukwa chake mapulogalamu owerenga malemba a pachithunzi, otchedwa OCR, amalangiza 300 dpi. Pansi pake amayamba kuphonya, ndipo munthu akafufuza dzina la wochita lendi kompyuta imati palibe, dzinalo lilipo.

Bwana wodziwa kusunga nthawi afunsa ngati sizingatheke kungokuza mafayilo omwe alipo kale. Kalaliki ayankhiretu m'kalatamo kuti ayi. Kukuza chithunzi kumangofufumitsa timadontho tomwe tidajambulidwa, ndipo pulogalamu ikawonjezera tina imachita kuyerekeza. Zomwe makina sadaone tsiku lija mulibe m'fayilomo. Njira ndi kubwerera ku pepala basi.

Za chidindo chija, mlandu si wa dpi yokha. Makina ambiri a mu ofesi amasiyidwa pa Black & White, pomwe kadontho kalikonse kamakhala kakuda kapena koyera, popanda chapakati. Chidindo cha inki yofooka ndi siginecha ya cholembera chabuluu chimene chinali kutha zimagwera mbali yoyera, n'kudukaduka kapena kusowa kumene. Ukakweza dpi osasintha izi wataya nthawi yako. Masamba a mawu okhaokha akhale pa Grayscale, ndipo tsamba la masiginecha ndi zidindo likhale pa Color.

Palinso kufinya fayilo kuti ichepe. M'chaka cha 2013, katswiri wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, adaonetsa kuti makina ena a Xerox ankasintha manambala pofinya ndi njira ya JBIG2, mwachitsanzo 6 kusanduka 8, tsambalo likuoneka laudongo ndithu. Chilema chotere n'choopsa kuposa kuzilala, chifukwa chozilala umachikayikira, pomwe nambala yolakwika yooneka bwino umangoikhulupirira. Pa makontilakiti, kufinya kwambiri kupewedwe.

Kalata yabwino sibisa mtengo wake. Tsamba la A4 pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, kuwirikiza kasanu ndi kanayi timadontho ta pa 100 dpi, choncho mafayilo alemera ndipo ena akana kupita paimelo. Kalaliki anene zimenezi yekha, bwana asanazitulukire. Anenenso masamba angati, ndani achotse masitepulo, ntchito zina ziyembekezera mpaka liti. Kudumphira pa 600 dpi pofuna kuonetsa khama sikuthandiza kwenikweni pa malemba wamba: timadontho timawirikiza kanayi ndipo makina amayenda pang'onopang'ono.

Kumapeto kalatayo ipemphe zinthu zogwirika:

"Ndikupempha kuti mapepala enieni asapite kosungira zakale mpaka ntchitoyi itatha. Ndiyamba ndi makontilakiti omwe akugwirabe ntchito. Pa kontilakiti iliyonse ndiwerenga masamba ngati akwana, ndikuza ndime ya ndalama kufika pa 200%, n'kuyerekeza ndi pepala. Mafayilo akale ndiwachotsa mukaona atsopanowo ndi kuvomereza. Ine wanu, kalaliki wa zamafayilo."