Kamera yakana waifai? Musakhudze dzina la netiweki yanu

Mlamu wanga anagula kamera yoika pageti ndi pulagi yoyatsira pampu ya madzi kudzera pa foni. Madzulo onse anakhala akulemba pasiwedi, kanyali ka pulagi kakungophethira, pulogalamu ya pa foni ikungonena kuti zakanika. Atatopa analowa mu rauta n'kusintha dzina la waifai. Pulagi inalumikizikadi, koma TV, laputopu ndi mafoni onse a m'nyumbamo anataya intaneti nthawi yomweyo, ana ali pakati pa katuni.

Zipangizozo zinalibe vuto. Rauta zambiri za masiku ano zimaulutsa waifai pa mafunde awiri: akale a 2.4 GHz ndi atsopano a 5 GHz. Atsopanowa ndi othamanga koma safika patali, ndipo khoma la njerwa limawafooketsa msanga. Akalewa ndi oyenda pang'onopang'ono koma amaboola makoma mpaka kugeti. Pulagi imangolandira mawu oti yaka kapena zima, choncho opanga amaikamo kawailesi kotchipa kodziwa 2.4 GHz yokha. Mafunde a 5 GHz sikawamva n'komwe.

Msampha uli apa. Rauta imapatsa mafunde onse awiri dzina limodzi, n'kumasankhira yokha chipangizo chilichonse koti chikhale. Pa sikirini zimenezi zimalembedwa Smart Connect kapena Band Steering. Foni ikakhala pafupi, rauta imaikokera ku 5 GHz. Mapulogalamu ena olumikizira pulagi akaona kuti foni ili kumeneko amangokana, ena amatumiza uthenga pa mafunde amene pulagiyo siimva.

Tinayamba ndi kubwezera dzina lakale ndi pasiwedi yake, chilembo ndi chilembo, ndipo TV inabwerera yokha. Zipangizo zimakumbukira ziwirizi basi, n'chifukwa chake si zoseweretsa. Kenako tinalowa mu rauta polemba adiresi yake mu bulawuza. Imakhala pa kapepala komata pansi pa rauta, ndipo nthawi zambiri ndi 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Pa Guest Network tinatsegula netiweki yachiwiri ya mafunde a 2.4 GHz okha, n'kuipatsa dzina lalifupi la zilembo wamba. Pa chitetezo tinasankha WPA2-PSK. Apa anthu ambiri amapunthwa: netiweki ikakhala pa WPA3, zipangizo zotchipa zambiri zimaiona koma zimalephera kulowa, ndipo pulogalamu imakunamizani kuti mwalakwitsa pasiwedi. Tinalumikiza foni ku netiweki yatsopanoyo, tinazimitsa data ya pa foni, tinasindikiza batani la pulagi mpaka kanyali kanayamba kuphethira mofulumira, ndipo inalowa. Kamera nayo chimodzimodzi. Foni tinaibwezera ku netiweki yaikulu.

Netiweki ya alendo ili ndi khalidwe lake. Kawirikawiri imatsekereza zipangizo zake kuti zisaonane ndi za pa netiweki yaikulu. Ine ndimakonda zimenezi, chifukwa kamera yosadziwika kumene inapangidwa ilibe chochita pafupi ndi laputopu yosunga za kubanki. Pulagi siivutika, poti lamulo lake limadzera pa intaneti. Koma pa kamera pali mtengo wake: mukamaonera geti muli pabalaza, zithunzi zikhoza kumatuluka kupita pa intaneti n'kubwereranso, bandulo ikutha. Mukaona choncho, fufuzani pamene palembedwa AP Isolation kapena mawu olola alendo kufika pa netiweki ya m'nyumba, musankhe chimene chikukupwetekani pang'ono.

Rauta ikakhala yopanda netiweki ya alendo, zimitsani 5 GHz kwa mphindi zochepa osasintha dzina, lumikizani chipangizo, kenako yatsaninso. Nthawi zambiri chimakhalabe cholumikizika.

Patatha sabata mlamu anaimba foni. Magetsi anazima, atabwera kamera sinabwerere, pamene china chilichonse chinali bwino. Rauta ikayaka imadzisankhira tchanelo ngati yasiyidwa pa Auto, ndipo tsikulo inatera pa 13. Zipangizo zina, makamaka zopangidwira msika wa ku America, zimalekezera pa tchanelo 11. Kwathu kuno, kumene rauta imazima ndi kuyaka kangapo pa sabata, zimenezi zimakhala ngati juga. Tinachotsa Auto n'kukhazikitsa tchanelo 6, ndipo pa Channel Width tinaika 20 MHz. Matchanelo 1, 6 ndi 11 ndi amene salowererana, choncho zithunzi zikamadukaduka chifukwa aneba ali pa 6, samukirani pa 1 kapena 11. Zonsezi zimakhudza mafunde a 2.4 GHz okha, moti TV ya ana, imene ili pa 5 GHz, sinadziwe n'komwe kuti tagwirapo chilichonse.