Kuphwanya nambala pofuna sikweya ruti ndi kiyubu ruti

Nambala ya pulayimu ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11. Nambala ina iliyonse yathunthu yoposa 1 imapangidwa pochulukitsa manambala a pulayimu, ndipo manambala oipangawo amatchedwa mafakitala ake. Aliyense woiphwanya nambalayo, kaya ayambire pati, amapeza mafakitala a pulayimu omwewo. Carl Friedrich Gauss wa ku Germany adapereka umboni wa mfundoyi m'buku lake la mu 1801.

Pophwanya nambala, munthu amaigawa ndi pulayimu yaing'ono kwambiri yomwe ikulowa popanda chotsala, n'kubwereza mpaka itakana, kenaka n'kutenga pulayimu yotsatira. Nambala ya 432 ikagawidwa ndi 2 imapereka 216, kenaka 108, 54 ndi 27. Apa 2 wakana, popeza 27 sagawika pawiri. Tsono 3 amalowa katatu, kupereka 9, 3 ndi 1. Choncho 432 = 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 3, zomwe zimalembedwa mwachidule kuti 2⁴ × 3³. Kanambala kapamwambako kamanena kuti fakitala yabwera kangati.

Kubwerezedwa kumeneku ndiko kumagwira ntchito pofuna sikweya ruti. Sikweya ruti ya nambala ndi nambala yomwe ikadzichulukitsa yokha imabweza nambala yoyambayo, monga √9 = 3. Popeza 2 × 2 ali ndi ruti 2, mafakitala awiri ofanana amatuluka m'chizindikiro cha √ ngati fakitala imodzi. Mu 432, ma 2 anayi aja amapanga magulu awiri, ndipo ma 3 atatu amapanga gulu limodzi, 3 mmodzi n'kutsala wopanda mnzake. Kunja kumatuluka 2 × 2 × 3, yemwe ndi 12, pamene wotsala uja amakhala mkati. Yankho ndi √432 = 12√3.

Pa kiyubu ruti nambala imachulukitsidwa katatu, monga 2 × 2 × 2 = 8, kotero ∛8 = 2. Gulu lililonse tsopano limafuna mafakitala atatu ofanana. Ma 2 anayi aja amapereka gulu limodzi, 2 mmodzi n'kutsala, pamene ma 3 atatu amakwana ndendende. Kunja kumatuluka 2 × 3, ndipo ∛432 = 6∛2. Mafakitala ndi omwe aja. Chasintha ndi kukula kwa gulu chabe.

Otsala mkati aja amasonyezanso chomwe chikusowa kuti ruti ikhale nambala yathunthu. Pa sikweya ruti, 3 wotsala akufuna mnzake mmodzi, ndipo 432 × 3 = 1296, yemwe ndi 36 × 36. Pa kiyubu ruti, 2 wotsala akufuna anzake awiri, ndipo 432 × 4 = 1728, yemwe ndi 12 × 12 × 12.

Cholakwika chofala ndi kutulutsa gulu lonse m'malo mwa fakitala imodzi: 2 × 2 n'kutuluka ngati 4. Cholakwika chotere chimagwidwa pobwerera m'mbuyo. Nambala yakunja imachulukitsidwa yokha, kenaka ndi yamkati: 12 × 12 × 3 = 432, ndipo 6 × 6 × 6 × 2 = 432. Kuyerekeza kumathandizanso. Popeza 20 × 20 ndi 400 ndipo 21 × 21 ndi 441, √432 iyenera kugwera pakati pa 20 ndi 21. Poti √3 ili pafupi ndi 1.732, 12√3 imapereka pafupifupi 20.78, zomwe zikugwirizana.

Cholakwika china ndi kulekera panjira. Wolemba √432 = 6√12 sadaname, ndipo kubwerera m'mbuyo sikungamugwire, chifukwa 6 × 6 × 12 ndi 432 yemweyo. Koma mkati mwa 12 mudakali 2 × 2 woyenera kutuluka. Ntchito imatha pokhapokha mkati mwa √ mulibe pulayimu yobwera kawiri, kapena mkati mwa ∛ mulibe yobwera katatu.

Njirayi ili ndi malire. Imagwira pa manambala ochulukitsidwa, osati ophatikizidwa: √(16 + 9) ndi √25, yemwe ndi 5, osati 4 + 3. Komanso ngati palibe pulayimu yobwerezedwa mokwanira, palibe chotuluka. Nambala ya 30 ndi 2 × 3 × 5, kotero √30 imakhala momwemo. Nayo 36 ndi 2² × 3², choncho √36 = 6, koma ∛36 singafupikitsidwe chifukwa palibe fakitala yomwe yafika katatu.