Kuveka munthu jekete pa chithunzi cha mu Okutobala

Tiyerekeze chithunzi cha mtsikana ataima pa mchenga ku Senga Bay mu Okutobala, atavala diresi yopanda manja ndi masilipasi. Mapulogalamu ojambula ndi nzeru za makina, monga Gemini ndi ChatGPT, angathe kumuveka zovala za mu Juni pa chithunzi chomwecho. Mumalowetsa chithunzicho n'kulemba malangizo. Ntchito yonse yagona pa malangizowo, ndipo ambiri amalakwa pongotchula chimene akufuna chisinthe, osatchula chimene chikhale momwe chilili.

Makinawa sasoka jekete pamwamba pa munthu. Kawirikawiri amajambulanso chithunzi chonse, ndiye chilichonse chimene simunachitchinjirize chikhoza kusintha. Mphuno imawongoka, khungu limayererako, ndipo mayi ake a mtsikanayo ataona angafunse kuti ameneyu ndi mwana wa yani. N'chifukwa chake malangizo abwino amatchula chovala chimene chichoke, cholowa m'malo mwake, kenako n'kutsindika zosakhudzidwa. M'Chingerezi, chimene mapulogalamuwa amamva bwino kuposa Chichewa, mungalembe chonchi:

```
Replace the sleeveless dress with a grey wool sweater, a brown knee-length coat and black trousers. Replace the sandals with brown ankle boots. Keep the face, skin tone, hair, pose, body size, background and lighting unchanged.
```

Onani kuti chovala chilichonse chatchulidwa ndi mtundu wake, juzi yanenedwa kuti ikhale yaubweya, ndipo jekete yapatsidwa polekezera, m'mawondo. Mawu akuti `winter` mulibemo mwadala. Mukawalemba okha, pulogalamu imatha kuganiza za kuzizira kwa ku Ulaya, n'kugwetsa chipale chofewa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kapena kuchotseratu nyanjayo.

Chithunzi chikatuluka, chikulitseni ndi zala muyambe kuona m'khosi ndi m'manja, pomwe nsalu yatsopano ikukumana ndi khungu. Pamenepo ndi pomwe bodza limaonekera: kolala kumeza chibwano kapena ndolo, mkono wa jekete kulowerera m'chikhatho, zala kuphatikana. Kenako yang'anani pansi. Jekete ndi yotambalala kuposa diresi, choncho mthunzi wake pa mchenga uyenera kukulirako, ndipo ugwere mbali yomwe unagwera poyamba.

Ngati zalakwika, bwererani ku chithunzi choyambirira m'malo mokonza chokonzedwa kale, chifukwa nkhope imanka nitalikira mwini wake pa ulendo uliwonse. Sikafu ndi chipewa, zomwe zimayandikira nkhope, ine ndimalangiza kuziwonjezera pazokha pomaliza. Amene ali ndi Photoshop ali ndi njira yodalirika kuposa apa: amazunguliza thupi lokha kuyambira m'khosi kutsika, n'kugwiritsa ntchito Generative Fill, nkhope osaikhudza n'komwe. Ndipo ngati chithunzicho si chanu, yambani mwapempha mwini wake musanamusinthe zovala.