Poka wa pa intaneti: ndalama zimadontha pati?

Mwini tebulo sasewera nawo

Munthu akakhala pa makina a masiloti amakhala akulimbana ndi kampani. Iye akaluza, kampani yadya. Pa poka zinthu sizili choncho. Pa tebulo la Texas Hold'em, lomwe ndi lofala kwambiri pa intaneti, nthawi zambiri pamakhala anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi anayi, ndipo ndalama imene mmodzi wapata yachokera m'thumba la mnzake. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika, kenako makhadi asanu amatsegulidwa pakati kuti onse agwiritse ntchito: poyamba atatu pamodzi, omwe osewera amawatchula kuti fulopu, kenako limodzi, pomaliza limodzi lina. Ndalama zonse zimene anthu abetcha pa dzanja limenelo zimaunjikana pakati, ndipo muluwo ndiwo poto.

Kampani ngati PokerStars kapena GGPoker ilibe nazo ntchito kuti poto wapita kwa yani. Yake ndi reki, kagawo kamene imatapa pa poto asanaperekedwe kwa wopambana. Kagawoka kamaoneka kochepa, mwakuti ambiri sakayang'ana n'komwe. Koma ndi komweko kamene kamasiyanitsa munthu amene amaposa anzake pang'ono ndi munthu amene amatulukadi ndi phindu.

Mmene reki imatapidwira

Pa matebulo a ndalama zenizeni, pomwe munthu amakhala ndi kunyamuka nthawi imene wafuna, reki imawerengedwa pa peresenti. Pa intaneti nthawi zambiri imakhala cha m'ma 5 peresenti, ndipo imakhala ndi malire amene singapitirire. Manambala enieni amasiyana kampani ndi kampani, tebulo ndi tebulo, choncho apa tingoyerekeza tebulo la $0.50/$1, reki 5 peresenti, malire $3.

Anthu awiri atsala m'dzanja, aliyense waika $20, poto wakwana $40. Kampani itapa $2, wopambana alandira $38. Pamenepa m'pomwe ambiri amanamizika. Amati wadulidwa 5 peresenti basi, kuiwala kuti $20 mwa ndalamazo inali yake kale. Phindu lake likanakhala $20, koma latsika kufika $18, ndiye kuti reki yamudyera gawo limodzi mwa magawo khumi a phindu. Tsiku limene aluza dzanja ngati lomweli, ataya $20 yonse popanda womuchotsera kanthu. Kupata 18, kutaya 20: kuti ndalama zake zingokhala pomwe zinali, ayenera kupambana pafupifupi maulendo 53 pa 100 alionse. Anthu awiri a luso lofanana, opambana mosinthanasinthana, onse amapita pansi.

Malire aja amasintha nkhani pa mapoto aakulu. Poto akafika $60, reki yafika pa $3 ndipo siikweranso. Pa poto wa $200 kampani itapabe $3 yomweyo, yomwe ndi 1.5 peresenti chabe. Chotsatira chake n'chowawa kwa osewera ang'onoang'ono. Pa matebulo a masenti mapoto ambiri safika n'komwe pa malire, choncho amadulidwa peresenti yonse pafupifupi nthawi iliyonse, pamene a ndalama zambiri amadulidwa kachigawo kochepa. Wongoyamba kumene, amene wasankha tebulo lotsika mtengo podziteteza, ndiye amalipira reki yolemera kuposa onse poyerekeza ndi zimene akubetcha.

Pali malamulo awiri amene amapepuzako. Makampani ambiri satapa kanthu ngati dzanja latha fulopu isanatsegulidwe. Komanso munthu akabetcha ndalama anzake onse n'kuthawa, ndalama imene sinayankhidweyo imabwerera kwa iye osadulidwa.

Ndalama yomweyo, kudulidwa kangapo

Choopsa cha reki si kukula kwake pa dzanja limodzi, koma kubwerezabwereza. Anthu asanu ndi mmodzi akhala pansi, aliyense ndi $100, patebulo pali $600. Pa intaneti palibe kusakaniza makhadi ndi manja, motero tebulo limodzi limatha kusewera manja 70 pa ola. Tinene kuti theka la manjawo lafika pa fulopu, ndipo lililonse latapidwa $1. Pa ola limodzi $35 yachoka patebulo. Pakatha maola asanu yachoka $175, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zimene anthuwo anabwera nazo. Zili ngati kukhuthulira madzi kuchoka mu ndowa ina kupita mu ina, n'kuwabwezanso, tsiku lonse: ulendo uliwonse timadontho tokha ndito timagwa, koma pofika madzulo ndowa yapungula.

Pa mipikisano reki imalipiridwa kamodzi, pakhomo, ndipo imalembedwa poyera. Mukaona `$10+$1`, ndiye kuti $10 ikupita ku mphoto, $1 ikupita ku kampani. Anthu 100 akalowa, mphoto zonse ndi $1,000, kampani yatenga $100. Wosewera wa pakatikati amalipira $11 kuti m'kupita kwa nthawi azilandira $10. Makampani ena amabwezako kagawo ka reki kwa amene amasewera kwambiri, koma chobwezedwacho ndi ndalama yake yomwe, ndipo sichifika pa yonse imene anadulidwa.

Nanga masiloti?

Makina a masiloti a pa intaneti amakhala ndi nambala yolembedwa kuti `RTP`, ndipo ambiri imakhala cha m'ma 96 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti pa $100 iliyonse yobetchedwa, makinawo anapangidwa kuti pa maulendo ochuluka zedi azibweza $96. Wina anganene kuti 4 peresenti ndi yochepa kuposa reki ya 5 peresenti, ndipo pa pepala sakunama. Kusiyana kwake kuli pa zimene munthu angachite nayo nambalayo. Pa siloti chotuluka chilichonse chimasankhidwa mwachisawawa ndi pulogalamu ya kompyuta, ndipo sichidalira zimene zinatuluka kale. Kudina msanga, kudikira, kusintha makina poganiza kuti awa "atsala pang'ono kusanza", zonsezi sizisuntha 96 uja. Wobetcha $1 maulendo 500 amayembekezeka kutaya $20, kaya wayamba lero kaya wakhalapo zaka khumi. Zimene angasankhe ndi makina, kukula kwa beti ndi nthawi yoleka basi.

Pa poka makhadi amabweranso mwamwayi, koma ndalama siilowa mu poto mwamwayi. Kupatula tindalama tokakamiza timene anthu awiri amaika makhadi asanagawidwe, dola iliyonse imalowa chifukwa munthu wadina `Call` kapena `Raise` pamene akanatha kudina `Fold`. Luso lili pamenepo.

Dzanja limodzi, tilione bwinobwino

Muli ndi makhadi awiri a mtima. Pakati patsegulidwa makhadi anayi, awiri mwa iwo ndi a mtimanso. Mukufuna la mtima limodzi lokha kuti akwane asanu, ndipo tinene kuti likabwera mwapambana, likapanda kubwera mwaluza. Makhadi a mtima alipo 13, mwaona anayi, atsala 9. Pa makhadi 52 mwaona asanu ndi limodzi, osaoneka ndi 46. Mwayi wanu ndi 9 pa 46, pafupifupi kamodzi pa kasanu.

Mu poto muli $30, mnzanu wabetcha $30 ina. Mukayankha, mukuika $30 kuti mupate $60. Tayerekezani kuti zimenezi zachitika maulendo 46. Maulendo 9 mupata $60, zonse pamodzi $540. Maulendo 37 mutaya $30, zonse pamodzi $1,110. Mwaluza $570, kutanthauza kuti nthawi iliyonse imene mwadina `Call` pamenepa mwataya pafupifupi $12, ngakhale usiku umene khadi labwera n'kukusangalatsani. Wodziwa amataya makhadiwo osadandaula. Wosadziwa amati "mwina libwera", ndipo $12 zake zija ndizo chakudya cha wodziwayo.

Tsopano mnzanuyo abetche $10 yokha pa poto yemweyo wa $30. Mukuika $10 kuti mupate $40. Maulendo 9 mupata $360, maulendo 37 mutaya $370: zangotsala pang'ono kufanana. Koma tisaiwale mwini tebulo. Poto wakwana $50, reki ndi $2.50, ndiye phindu lanu ndi $37.50 osati $40. Maulendo 9 aja akupatsani $337.50 basi, ndipo kusiyana kwakula kuchoka pa $10 kufika pa $32.50. Kuyankha kungakhalebe koyenera ngati mnzanuyo ndi munthu wolipira ndalama zina khadi lanu likabwera, ndipo kudziwa zimenezo ndi luso linanso, lowerenga anthu osati makhadi. Chimene chikuoneka apa n'chakuti reki imasandutsa manja ambiri a pakatikati kukhala oluzitsa. N'chifukwa chake pa matebulo a reki yolemera akatswiri amasewera manja ochepa, ndipo amakonda kukweza beti msanga kuti atenge poto fulopu isanatsegulidwe.

Luso limachedwa kuoneka

Mu 2003 Chris Moneymaker, munthu wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anapeza mpando kudzera pa mpikisano waung'ono wa pa PokerStars, n'kukapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas, mphoto yake $2.5 miliyoni. Nkhani imeneyi inakokera khamu la anthu ku poka wa pa intaneti, ambiri ali ndi maganizo akuti aliyense angathe. Pa mpikisano umodzi, inde angathe, chifukwa pa nthawi yochepa mwayi umaposa luso kutalitali. Ngakhale makhadi awiri amphamvu kuposa onse, `A A`, akakumana ndi `K K` amaluza pafupifupi kamodzi pa kasanu.

Motero usiku umodzi, ngakhale mwezi umodzi, sungakuuzeni ngati mumatha. Osewera okhazikika amasunga mbiri ya manja awo onse, ndipo amayesa phindu lawo pa manja 100 alionse, atasonkhanitsa manja zikwi makumi angapo. Pa mbiri yomweyo pamaonekanso reki imene alipira, ndipo ndi mzere umenewu woyenera kuuyang'ana poyamba. Munthu angapeze kuti pa manja 50,000 anatenga $900 kwa anzake, koma kampani inatapa $1,200 pa mapoto ake. Iyeyo amawaposadi anzakewo, komabe akaunti yake yatsika ndi $300. Zikatero, kuonjezera maola osewera kumangoonjezera chiluzo. Chofunika n'kupeza tebulo la reki yopepuka, kapena la anthu olakwitsa kwambiri kuposa amene akukhala nawo panopa, ndipo ngati onse patebulopo akutaya makhadi mosamala ngati iye, anyamuke.