Pamene 0 wavala lamba n'kusanduka 8

Wogulitsa simenti pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu akatumiza invoisi yosikanidwa, nambala zake zingathe kusintha panjira. Makina osandutsa chithunzi kukhala mawu amangoyang'ana maonekedwe. Inki ikatayikira n'kutseka mimba ya 5, amawerenga 6. Ziro wodulidwa ndi kamzere, kapena amene wagwera popindira pepala, amasanduka 8.

Ine ndimadalira masamu kuposa maso. Tiyerekeze kuti pepala likunena za matumba 15, lililonse pa K26,000, koma m'munsi mwalembedwa K375,000. Kuchulukitsa kukupatsa K390,000. Kusiyana kwa K15,000 kukagawidwa ndi 15 kukutuluka K1,000, ndiye kuti mtengo unali K25,000. Pophatikiza mndandanda, kusiyana kwa 10, 100 kapena 1,000 kumaloza 5 ndi 6, pomwe 80 kapena 800 amaloza 0 ndi 8.

Choopsa n'chakuti nambala yolakwika nthawi zina imaoneka yoyera bwino. Mu 2013, David Kriesel wa ku Germany anapeza kuti makina ena a Xerox ankasandutsa 6 kukhala 8. Pochepetsa kukula kwa fayilo ndi njira ya JBIG2, ankasunga chithunzi chimodzi cha nambala n'kumachimata paliponse pofanana nacho. Apa ngakhale wokulitsa chithunzi sangaone kanthu.

N'chifukwa chake kalaliki wochenjera amasikana pa 300 dpi, amafananitsa ndalama ndi zolembedwa m'mawu, ndipo pepala lenilenilo salitaya.