Kalata yopempha ntchito mutakhala zaka zambiri muli pakhomo

Nyengo yokolola ikayandikira, makampani ogula mbewu ndi makopaletivu a alimi amasaka makalaliki oti aziyeza ndi kulemba matumba a soya, mtedza ndi chimanga m'misika ngati wa Mitundu ndi wa Nathenje, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Ena mwa olembera ntchitozi ndi anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50 omwe adagwirapo ntchito m'tauni kenako n'kubwerera kumudzi. Vuto lawo limakhala limodzi: wolemba ntchito akangoona chaka chobadwa ndi zaka zomwe munthu wakhala osagwira ntchito yolembedwa, amayamba kukayika. Kalata yabwino imayankha chikayikocho mwini wake asanachitchule.

Tiyerekeze za mayi wa zaka 49 wokhala ku Mitundu. Ali ndi satifiketi ya MSCE ndipo adagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ku Kanengo kuyambira 1999 mpaka 2011, pomwe adasiya kuti akasamale makolo ake odwala. Tsopano wamva kuti depoti ina ya mbewu ku Nathenje ikufuna kalaliki. Manijala wa depotiyo akamawerenga kalata yake adzakhala ndi mafunso atatu m'mutu. Kodi mayiyu akudziwabe ntchito? Kodi adzakhalitsa? Nanga adzamvera woyang'anira amene msinkhu wake ndi wa mwana wake?

Funso loyamba ndilo lalikulu, ndipo yankho lake lili m'zaka zomwe zikuoneka ngati zopanda kanthu. Anthu ambiri amadumpha zakazi poganiza kuti wowerenga sazindikira, koma mpata wa zaka 14 subisika, ndipo ukapanda kufotokozedwa wowerenga amadzipangira yekha chifukwa, mwina n'kuganiza kuti munthuyo adachotsedwa chifukwa cha kuba. Chifukwa chosiyira ntchito chinenedwe m'chiganizo chimodzi, popanda mbiri ya matenda kapena maliro. Chotsatira chikhale ntchito imene munthu wagwira m'zakazo, yosankhidwa molingana ndi yomwe akuipempha. Mayi wathuyu wakhala msungichuma wa banki mkhonde, choncho ndime yake ingamveke motere:

"Ndidasiya ntchito mu 2011 kuti ndisamale makolo anga, ndipo udindo umenewo udatha. Kuyambira 2017 ndakhala msungichuma wa banki mkhonde ya anthu 25, ndikulemba masheya ndi ngongole sabata iliyonse. Pogawana ndalama kumapeto a chaka, mabuku anga sadasemphanepo ndi ndalama za m'bokosi. Ndimalandira ndi kutumiza ndalama za gulu kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba."

Ndimeyi ikugwira ntchito chifukwa chilichonse chomwe yanena chingathe kutsimikizidwa: wapampando wa gululo alipo ndipo mabuku alipo. Chiganizo chomalizacho chili ndi cholinga chake. Pomwe mayiyu amachoka ku Kanengo, kutumiza ndalama pa foni kudali kusadafale m'Malawi, pomwe lero ogula mbewu ena amalipira alimi mwa njira imeneyi. Potchula zimenezi akuonetsa kuti sadatsalire mu 2011. Koma asadzitame ndi luso lomwe alibe. Ngati Excel adaigwiritsa ntchito kale ndipo waiwala, ndi bwino aphunzirenso kaye kenako alembe kuti waikumbutsira posachedwa, chifukwa pa mayeso a ntchito angathe kumukhazika pa kompyuta kuti aphatikize kulemera kwa matumba.

Funso lachiwiri limayankhidwa ndi masamu osavuta. M'boma anthu amapuma pa ntchito akafika zaka 60, ndipo makampani amaika msinkhu wawo m'malamulo awo a ntchito. Tikayezera pa 60, munthu wa zaka 49 watsala ndi zaka 11, zomwe ndi nthawi yaitali pa ntchito ya ukalaliki. Mayiyu angalembe kuti: "Ndili ndi zaka 49, banja langa ndi lokhazikika m'dera lino, ndipo ndikufuna ntchito yoti ndikhalepo nthawi yaitali." Atchule zaka zake kamodzi kokha, mosapepesa. Mawu ngati "ngakhale ndine wachikulire" amamupatsa manijala chifukwa chokanira chomwe mwina sadachiganize. Popeza Mitundu ndi Nathenje sizili pa msewu umodzi, anenenso mmene azidzafikira ku ntchito m'mawa, kaya adzachita lendi pafupi ndi depoti kapena adzakhala kwa achibale.

Kuchepetsa zaka m'kalata ndi msampha. Chiphaso cha unzika, chomwe kalembera wake wamkulu adachitika mu 2017, chili ndi tsiku lobadwa, ndipo wolemba ntchito adzachifuna. Kalaliki amalembedwa chifukwa cha kukhulupirika pa manambala, ndiye amene wanama pa nambala yoyamba yomwe wapereka wadzichotsera yekha mwayi.

Funso lachitatu ndi lovuta kuliyankha mwachindunji, pakuti kwathu kuno wamkulu salamulidwa wamba ndi mwana, ndipo manijala wachinyamata amaopa kuti adzalephera kudzudzula munthu amene ayenera kumutchula kuti amayi. Kulemba kuti "ndine wodzichepetsa" sikuthandiza, chifukwa aliyense amalemba choncho. Chothandiza ndi chitsanzo, monga kunena kuti wapampando wa banki mkhonde ndi wa zaka 28 ndipo akhala akugwira ntchito limodzi zaka zinayi. Angawonjezere kuti ndi wokonzeka kuyamba ndi nthawi yoyesedwa. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limalola kuti wantchito waluso agwirizane ndi bwana wake za nthawi yotere, bola isapitirire miyezi 12. Mawu amenewa amachepetsa mantha a wolemba ntchito popanda wopemphayo kudzitsitsa.

Lamulo lomweli, mu gawo 5, limaletsa tsankho polemba anthu ntchito pa zifukwa monga mtundu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, ulumali ndi udindo wa pabanja. Msinkhu sudatchulidwe ndi dzina pa mndandandawo, koma udindo wa pabanja ulipo, ndipo n'chimene chidachotsa mayiyu ku Kanengo. Ngakhale zili choncho, kalata si malo otchulira malamulo. Manijala akaona gawo la lamulo m'kalata yopempha ntchito amaona mlandu ukubwera. Gawo lothandiza kwambiri ndi 31, lomwe limapatsa wantchito ufulu wopempha chikalata chosonyeza nthawi yomwe adagwira ntchito ndi udindo womwe adali nawo. Ngati mayiyu adasunga chikalatachi, aphatikizepo kope yake, chifukwa pakadutsa zaka zambiri mabwana akale amakhala atachoka ndipo manambala awo a foni adasintha. Pa anthu omuchitira umboni aikepo mmodzi wa kuntchito yakale amene wayamba walankhula naye, ndi wina amene waona ntchito yake posachedwa.

Makalata ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, koma kakonzedwe kake n'komweko, ndipo tsamba limodzi ndi lokwanira. Musanatumize, werengani kalatayo ndi kuchonga chiganizo chilichonse chokamba za mavuto anu, monga fizi ya ana kapena kukwera mtengo kwa feteleza. Ziganizo zimenezo zichoke, ngakhale ndi zoona, chifukwa depoti ikufuna munthu woyang'anira sikelo ndi mabuku. Kenako werengani zomwe zatsala ndi kudzifunsa ngati manijala angathe kuimba foni ndi kutsimikiza chiganizo chilichonse. Chomwe palibe angachitsimikize, ikani m'malo mwake chaka, nambala kapena munthu amene adaona ntchitoyo.